Mizere iwiri yoyamba polembera munthu amene sanapemphe ntchito

"Ndimagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito pa kampani ina ya inshulansi ku Blantyre. Tikufuna akauntanti wamkulu wodziwa IFRS 17, koma amene anafunsira titalengeza m'nyuzipepala sakukwanira. Ndapeza anthu asanu ndi atatu oyenera amene ali kale pa ntchito kwina, ndawalembera pa LinkedIn ndi pa WhatsApp, koma palibe amene wayankha ngakhale ena akuoneka kuti anawerenga. Ndimayamba ndi moni, kenako ndimanena kuti tili ndi mwayi wabwino wa ntchito, atumize siivi. Kodi ndiziyamba bwanji kuti andiyankhe?"

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi amene wamva m'mimba ndi inuyo pamodzi ndi kampani yanu. Anthu asanu ndi atatu aja ali ndi malipiro awo pakutha pa mwezi, ali ndi mabwana amene akuwadziwa khalidwe lawo, ndipo ena a iwo ali ndi ngongole ya galimoto kapena ya nyumba imene anaitenga kudzera kuntchito komweko. Uthenga wanu unalembedwa ngati kuti iwo ndiwo akusaka, n'chifukwa chake mawu akuti "tumizani siivi" anawagwera molakwika. Kwa munthu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi pamalo amodzi, siivi ndi chikalata chakale chimene ayenera kuchifufuza, kuchikonza usiku, ndi kuchitumiza kwa munthu amene sakumudziwa, pofuna ntchito imene sanauzidwe ngakhale dzina lake. Zimenezi ndi zambiri kuti muzipemphe pa uthenga woyamba, ndipo njira yosavuta kwa iye ndiyo kungokhala chete.

Yambani mwaganizira mmene uthengawo umamufikira. Amauona pa foni, nthawi zambiri ali pakati pa zina, ndipo chimene chimaoneka asanautsekule ndi dzina la wotumiza pamodzi ndi mzere umodzi kapena iwiri yoyamba. Mizere imeneyo ndiyo imagamula mlandu wonse. Munthuyo poiwerenga amadzifunsa mumtima kuti wolembayu ndani, n'chifukwa chiyani walembera ineyo osati wina, ndipo ndikayankha zinditayitsa chiyani. Ngati mizere iwiriyo yathera pa moni ndi kufunsa za moyo, mafunso onsewa amatsala osayankhidwa, ndipo iye amadziyankha yekha potengera mauthenga ena amene analandirapo oyamba motero.

Pa nkhani ya moni ndiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene ife timavutika kuposa anzathu a kwina. Kwathu kuno munthu salowa pakhomo osanena odi, ndipo uthenga wopanda moni umaoneka wamwano, makamaka ukamapita kwa munthu wa udindo. Koma tonse tikudziwanso tanthauzo la uthenga wa pa WhatsApp wochokera ku nambala yachilendo umene umangoti "Muli bwanji?" n'kuima pomwepo. Ambiri amaganiza kuti ndi wachibale wakutali amene akufuna kubwereka ndalama, kapena ndi akathyali aja onamiza anthu kuti apambana mphoto. Choipa kwambiri n'chakuti mawu akuti "mwayi wabwino wa ntchito" ndi omwewo amene amagwiritsidwa ntchito ndi anthu olonjeza ntchito zabodza amene pamapeto pake amapempha kuti muwatumizire ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Inu munalumikiza zonse ziwiri, moni wosasonyeza kumene ukulowera ndi lonjezo lopanda dzina. Akauntanti, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kukayikira chikalata chilichonse chopanda umboni, sangachitire mwina koma kukayikira. Choncho moni ukhalepo, koma ukhale wa mawu awiri kapena atatu, ndipo dzina lanu, udindo wanu ndi kampani yanu zibwere m'chiganizo chomwecho kapena chotsatira, mu uthenga umodzi. Musatumize moni payekha n'kudikira kuti ayankhe kaye.

Samalaninso ndi mmene mukumuitanira. Munthu amene simunakumanepo naye muzimutchula kuti Bambo kapena Mayi pamodzi ndi dzina la bambo wake monga momwe iye mwini walilembera, ndipo ngati ali ndi udindo wa maphunziro monga Dokotala, muutchule. Pa LinkedIn ena amalemba dzina la makolo poyamba, choncho onetsetsani kuti simukumuitana ndi dzina lake loyamba mosadziwa. Kulakwitsa chilembo chimodzi m'dzina kumaonetsa kuti simunamuyang'anitsitse, ndipo zimene mungalembe pambuyo pake zonena kuti mwamusankha mosamala sizimvekanso.

Tsopano tifike pa chiganizo chimene chimanyamula uthenga wonse, chimene chimayankha funso lakuti n'chifukwa chiyani mwalembera iyeyo. Chiganizo chimenechi chiyenera kukhala ndi chinthu chimodzi chenicheni chimene munthuyo anachita, ndipo chinthucho chilumikizane ndi vuto limene kampani yanu ili nalo. Pali njira yosavuta yochiyesera. Chotsani dzina la munthuyo, muikepo dzina la wina mwa asanu ndi awiri otsalawo, ndipo muwerengenso. Ngati chiganizocho chikugwirabe ntchito, ndiye kuti simunanene kanthu za iye. Mawu akuti "ndaona mbiri yanu ndipo yandisangalatsa" amagwira ntchito kwa aliyense, n'chifukwa chake samugwira mtima aliyense. Chimodzimodzinso kutamanda kuti ndi munthu waluso kwambiri: iye akudziwa kuti simunagwirepo naye ntchito, ndiye chitamando chotere chimamveka ngati cha wogulitsa malonda pamsika.

Ntchito imene mukufunayi ikukupatsani poyambira pabwino. IFRS 17, ndondomeko ya padziko lonse ya kalembedwe ka mabuku a zachuma a makampani a inshulansi, inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2023, kulowa m'malo mwa IFRS 4, ndipo inasintha kwambiri mmene makampani a inshulansi amawerengera phindu lawo ndi ngongole zimene ali nazo kwa amene anagula inshulansi. Anthu amene anakhalapo pa kusinthako, amene anagona mu ofesi pamodzi ndi akatswiri owerengera chiopsezo ndi anthu a oditi kuti mabuku a chaka choyamba atsekedwe, ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amadziwa okha kuti ndi ochepa. Munthu wotere mukamulembera kuti mwaona kuti anali m'gulu limene linasamutsa mabuku a kampani yake kuchoka ku IFRS 4 kupita ku IFRS 17, mwamuuza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti munawerengadi mbiri yake, komanso kuti mukumvetsa ntchito imene mukufunira munthu. Ambiri mwa ife a mu ofesi zolemba anthu timalephera pachiwiripa, ndipo akatswiri amatizindikira msanga tikamatchula mawu a ntchito yawo ngati mwana wobwereza nyimbo ya chinenero chimene sachidziwa. Musanalembe, khalani pansi kwa theka la ola ndi mkulu wa zachuma wa pa kampani yanu, mumufunse kuti chimene chikumusowetsa tulo n'chiyani kwenikweni. Mwina adzati mabuku amatsekedwa mochedwa mwezi uliwonse, mwina adzati malipoti opita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshulansi, amadalira munthu mmodzi yekha amene akupuma pa ntchito posachedwa. Yankho lakelo ndilo theka lachiwiri la chiganizo chanu.

Chinthu chimene mwasankha kutchula chikhale chochokera poyera, ndipo chikhale cha ntchito. Zimene munthu analemba yekha pa LinkedIn, nkhani imene anakamba pa msonkhano wa bungwe la akauntanti la ICAM, kapena ndime imene analemba m'nyuzipepala, zonsezi n'zoyenera. Zimene munamva kwa mnzanu zakuti sakugwirizana ndi bwana wake, kapena kuti anamudumpha pokweza anthu, musazitchule ngakhale zili zoona. Munthu akazindikira kuti mkangano wa mu ofesi yake wafika kwa anthu akunja, chimene amayamba kufufuza ndi amene anaulula, ndipo inu mumasanduka mbali ya vutolo. Zithunzi za banja lake, mpingo wake, kapena kwawo kumene amachokera, nazonso zisiyeni. Ena amaganiza kuti kunena kuti "ndife a kumodzi" kumafewetsa mtima, koma pa nkhani yolemba ntchito mawu otere amabweretsa fungo la tsankho limene kampani yanu singafune kuti lioneke pa chikalata.

Tiyeni tione uthenga umodzi wathunthu, tiyerekeze kuti ukupita kwa mayi wina amene ali akauntanti pa kampani ina ya inshulansi ku Lilongwe. Ndaulemba m'Chichewa, koma ngakhale mutaulemba m'Chingerezi monga ambiri amachitira pa LinkedIn, mafupa ake ndi omwewa.

"Moni Mayi Uje. Ndine Uje, wa ofesi yolemba anthu ntchito ku kampani yakutiyakuti ya inshulansi ku Blantyre. Ndaona kuti munatsogolera kusamutsa mabuku a kampani yanu kupita ku IFRS 17, ndipo ife tikufuna akauntanti wamkulu woti aimike bwino mbali yomweyo, wogwira ntchito pansi pa mkulu wa zachuma mwachindunji. Ndikudziwa kuti muli pa ntchito ndipo mwina simukuganiza zosintha. Kodi mungalole kuti ndikuimbireni kwa mphindi khumi sabata ino, pa nthawi imene mungasankhe? Nkhaniyi ikhala pakati pa inu ndi ine."

Onani zimene zikuoneka pa foni asanatsekule: moni, dzina, kampani. Funso loyamba layankhidwa kale. Akatsekula amakumana ndi IFRS 17 ndi mawu akuti "munatsogolera", amene sakanalembedwa kwa wina. Mawu akuti adzagwira ntchito pansi pa mkulu wa zachuma mwachindunji aikidwa dala, chifukwa kwa munthu wa msinkhu umenewu funso lakuti adzayankha kwa yani limalemera kuposa dzina la udindo, popeza akauntanti wamkulu pa kampani ina amakhala wachiwiri mu dipatimenti, pamene pa ina amakhala wachinayi. Chiganizo chovomereza kuti ali pa ntchito chimamuchotsera manyazi, pakuti munthu wokhulupirika kwa abwana ake amamva ngati kuyankha kokha ndi kuwapereka, ndiye inu mwamuuza kuti kuyankha sikutanthauza kuti wavomera kanthu. Kenako pali pempho limodzi lokha, laling'ono, limene angaliyankhe ndi mawu amodzi ali pa mzere ku banki.

Mungaone kuti mulibe mbiri ya kampani, mulibe chaka chimene inakhazikitsidwa, mulibe mndandanda wa zoyenereza. Zimenezo zili ndi nthawi yake pambuyo pa foni yoyamba. LinkedIn imalola zilembo 1,900 mu InMail imodzi, umene ndi uthenga wolipiridwa wopita kwa munthu amene simunalumikizane naye, koma kampaniyo itaunika mauthenga a olemba anthu ntchito inapeza kuti osapitirira zilembo 400 amayankhidwa kwambiri, ndi 22 peresenti pamwamba pa mlingo wapakati. Chichewa chili ndi mawu ataliatali, choncho uthenga uli pamwambawu wapitirira zilembo 400 zimenezo, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chofunika n'chakuti uthenga wonse uoneke pa foni popanda kuutsitsa ndi chala. Ngati mulibe InMail ndipo mukugwiritsa ntchito kakalata kotsagana ndi pempho lolumikizana, malo ake ndi ochepa kwambiri, ndiye muikemo dzina lanu, chiganizo cha IFRS 17 chija ndi pempho, zinazo zidikire.

Funso limene mudzakumana nalo mu ofesi mwanu ndi lakuti kodi dzina la kampani litchulidwe. Inu popeza mukulembera kampani yanu yomwe, litchuleni. Kubisa dzina kumawonjezera chikayiko, ndiponso munthuyo angoyang'ana mbiri yanu n'kulidziwa. Amene amalembera makampani ena ngati amkhalapakati nthawi zina amaletsedwa kutchula dzina, makamaka ngati amene ali pa udindowo sanauzidwe kuti akuchoka. Zikatero munthu anene poyera kuti dzina adzalitchula pa foni, ndipo m'malo mwake apereke zinthu zokwanira kuti wowerenga aone kukula kwa ntchitoyo: mtundu wa bizinesi, mzinda, ndi chiwerengero cha anthu amene adzawayang'anire. Koma makampani a inshulansi m'Malawi si ambiri, ndipo mukanena zitatuzi katswiri amalidziwa dzinalo nthawi yomweyo, choncho chinsinsi chotere n'chamwambo chabe.

Za malipiro maganizo amasiyana, ndipo ine ndili ndi mbali yanga. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pambuyo pa kutsitsidwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022, anthu ambiri a maudindo apakati amamvetsera nkhani ya ntchito ina chifukwa cha ndalama, ngakhale sanganene choncho poyera. Ngati abwana anu akupatsani malire enieni a malipiro ndipo mukudziwa kuti ali pamwamba pa zimene makampani ena amapereka pa udindo womwewo, kutchula malirewo m'chiganizo chimodzi kumapulumutsa nthawi ya nonse awiri. Koma malipiro asakhale mawu otsekulira. Uthenga umene wayamba ndi nkhani ya ndalama umaoneka ngati nyambo, ndipo umakopa amene adzachokanso wina akadzawonjezera pang'ono. Chimene sindingakulangizeni n'komwe ndi mawu akuti "malipiro abwino" opanda nambala, chifukwa aliyense amalemba zimenezo, kuphatikizapo amene amalipira mochepa. Ngati simungatchule nambala, tchulani chinthu china chogwirika chimene mukudziwa kuti kampani yanu imapereka, monga galimoto, thandizo la kuchipatala lofika kwa banja lonse, kapena penshoni yoposa 10 peresenti imene lamulo limalamula olemba ntchito kuti azipereka. Ngati palibe chogwirika chilichonse, nkhani ya malipiro isiyeni kufikira pa foni.

Mayi wa m'chitsanzo chathu ali ku Lilongwe pamene ntchito ili ku Blantyre, mtunda wopitirira makilomita 300. N'chifukwa chake mzinda watchulidwa m'chiganizo chachiwiri. Ena amabisa zimenezi poganiza kuti munthuyo akakopeka kaye adzavomera kusamuka, koma amene ali ndi ana pa sukulu ndi mwamuna kapena mkazi wogwira ntchito mumzinda womwewo amamva kuti mwamutayitsa nthawi, ndipo sadzakuyankhaninso pa ntchito ina imene ikanamuyenera.

Chiganizo chomaliza chija, chonena kuti nkhaniyi ikhala pakati pa awiri, musachione ngati chokometsera. Mantha aakulu a munthu amene ali pa ntchito ndi akuti abwana ake amva kuti akuyang'ana kunja, ndipo iye akudziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Akauntanti a m'dziko muno ambiri anaphunzira limodzi, amakumana pa misonkhano ya ICAM, ndipo si zachilendo kuti mkulu wa zachuma wa kwanu ndi wa kwawo amadyera limodzi nkhomaliro. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira zaka zapitazo, pamene ndinatumiza uthenga wotere ku imelo ya kuntchito ya bambo wina, osadziwa kuti pa kampani imeneyo makalata a akuluakulu ankadutsa kaye kwa mlembi. Bamboyo anandiimbira tsiku lotsatira, osati kudzafunsa za ntchito, koma kudzandiuza kuti waitanidwa ndi abwana ake kuti afotokoze. Sanachotsedwe, koma sanandilankhulenso, ndipo anali ndi chifukwa. Kuyambira pamenepo sinditumiza uthenga wotere ku imelo ya kampani, sindiimba pa foni ya mu ofesi, ndipo sindifunsa anzake a kuntchito za iye asanandilole. Lonjezo la chinsinsi mulilembe pokhapokha ngati mwagwirizana kale ndi abwana anu kuti nawonso asunga pakamwa.

Izi zikutifikitsa pa WhatsApp. Nambala ya foni ya munthu ndi ya pakhomo pake, ndipo funso loyamba la aliyense wolandira uthenga wa mlendo ndi lakuti nambala yanga mwaitenga kuti. Liyankheni asanalifunse, m'chiganizo choyamba chomwe. Ngati munapatsidwa ndi munthu amene nonse mukumudziwa, pemphani kaye chilolezo cha munthuyo kuti mumutchule, ndipo chabwino koposa n'chakuti iye ayambe wamuuza mnzakeyo kuti mudzamulembera. Uthenga woyamba ndi mawu akuti "nambala yanu andipatsa ndi Bambo Uje, amene munagwira nawo ntchito ya oditi" umaposa china chilichonse chimene ndafotokoza pano, chifukwa chikhulupiriro chimene munthuyo ali nacho pa mnzake chimasamukira kwa inu. Ngati nambalayo munaitenga pa siivi yakale imene anatumiza pofunsira ntchito ina zaka zapitazo, nenani zomwezo mosabisa. Ngati njira imene munaipezera simungathe kuinena poyera, ndiye kuti simuyenera kuigwiritsa ntchito, makamaka tsopano pamene dziko lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024. Onetsetsaninso kuti nambala imene mukulemberayo ili ndi dzina lanu lenileni ndi chithunzi chooneka nkhope, pakuti munthu asanayankhe amayamba wadina pa chithunzicho. Mauthenga a mawu ojambulidwa asiyeni, chifukwa munthu sangawamvetsere ali mu ofesi yokhala anthu ambiri.

Nthawi yotumizira nayo ili ndi mbali yake, ndipo kwa akauntanti n'njosavuta kuidziwa. Masiku oyambirira a mwezi amakhala akutseka mabuku a mwezi wapitawo, msonkho wa PAYE uyenera kufika ku MRA pofika pa 14, ndipo kumapeto kwa mwezi kuli malipiro a antchito. Makampani amene chaka chawo chimatha mu Disembala amakhala ndi anthu a oditi m'miyezi yoyambirira ya chaka chotsatira, ndipo pa nthawi imeneyo akauntanti wamkulu sawerenga uthenga wa mlendo ngakhale utalembedwa bwino chotani. Masiku a pakati pa mwezi, PAYE itaperekedwa, ndiwo amene munthuyo amapumako. Yang'anani masiku amene munatumiza mauthenga anu asanu ndi atatu aja, mwina mupeza kuti ena anafika pa tsiku lachiwiri la mwezi. Pa WhatsApp musalembe usiku kapena Lamulungu m'mawa, chifukwa uthenga wa mlendo pa nthawi zotere umabweretsa mafunso pakhomo.

Kuti mudziwe pamene pakulakwika, onani mtundu wa chete amene mukulandira. Ngati uthenga sukutsekulidwa n'komwe, vuto lingakhale pa njira imene mwadutsa, pakuti anthu ambiri kuno ali ndi LinkedIn imene amaitsekula kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo mungadziwe zimenezi poona ngati analembapo kapena kuyankhapo kanthu posachedwa. Ngati ukutsekulidwa koma osayankhidwa, monga zachitikira inu, vuto lili pa chiganizo chonena chifukwa chimene mwamusankhira kapena pa kukula kwa pempho. Ngati akuyankha ndi funso lakuti "ndinu ndani?" kapena "ntchito yanji?", mizere yanu yoyamba sinagwire ntchito yake, komabe munthuyo wakupatsani mpata wina. Ndipo ngati ambiri akuyankha mwaulemu kuti sakufuna, uthenga uli bwino, koma ntchitoyo siikuposa imene ali nayo, ndiye nkhani imeneyo mukakambirane ndi abwana anu, chifukwa palibe kalembedwe kamene kangaikonze. Yankho lakuti ayi musalipeputse. Pa LinkedIn, InMail imene yayankhidwa m'masiku 90 imabwezeredwa kwa wotumiza ngakhale yankholo likhale lokana, ndipo munthu amene wakana mwaulemu mungathe kumufunsa ngati akudziwa wina amene angafune kumva za ntchitoyo.

Anthu asanu ndi atatu aja simunawataye, koma mwatsala ndi mpata umodzi kwa aliyense. Dikirani sabata yathunthu kuchokera pa uthenga woyamba, ndipo musalembe kuti "ndikungokukumbutsani" kapena kufunsa ngati anaona uthenga wanu, chifukwa mawu otere amamuika pa mlandu wosayankha pamene analibe ngongole ndi inu. Vomerezani kuti uthenga woyamba sunafotokoze bwino, kenako mupereke chimene chinasowa. Mungalembe kuti: "Mayi Uje, uthenga wanga wa sabata yatha sunanene zokwanira, pepani. Chimene ndinakulemberani n'chakuti munagwira ntchito ya IFRS 17 kuyambira pachiyambi, ndipo kampani yathu ikufuna munthu wotsogolera mbali imeneyo ku Blantyre. Siivi siikufunika pakadali pano. Ngati mungakonde kumva zambiri, ndiuzeni nthawi yoti ndiimbe, ndipo ngati si nthawi yake, mawu amodzi akuti ayi andikwanira." Aliyense mwa asanu ndi atatuwo alandire chiganizo chachiwiri chakechake, chochokera m'mbiri yake, zimene zikutanthauza kuti mukhala pafupifupi kotala la ola pa munthu aliyense musanalembe. Mwina mupeza kuti kwa awiri kapena atatu simungathe kulemba chiganizo chimenecho chifukwa mbiri yawo siikusonyeza kuti anagwiradi ntchitoyo, ndipo amenewo muwachotse pa mndandanda. Amene sayankha uthenga wachiwiriwu musawalemberenso za ntchito imeneyi, ndipo lembani m'kaundula wanu tsiku limene munawalembera kuti mnzanu wa mu ofesi asadzawayambenso mwezi wamawa ndi uthenga wakale uja.

Wina akayankha kuti muimbe Lachinayi nthawi ya nkhomaliro, imbani pa nthawi yomweyo, funsani kaye ngati ali pamalo oti angalankhule momasuka, ndipo mphindi khumi zikakwana nenani kuti zakwana, iye ndiye asankhe ngati mupitirize. Pa foni imeneyo mukhale mutakonzekera kuyankha za malipiro, za amene anali pa udindowo ndi chifukwa chimene akuchokera, komanso za tsiku limene mukufuna munthu ayambe, pokumbukira kuti wolandira malipiro pamwezi ayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo makontirakiti a maudindo akuluakulu kawirikawiri amafuna miyezi itatu. Siivi muipemphe kumapeto kwa foniyo ngati iye wasonyeza chidwi, ndipo mumupatse masiku angapo oti aikonze.